Kalata ya chilolezo cha pasipoti ya mwana pamene bambo ake ali ku Joni

Mayi wa ku Chinamwali: Moni nonse pagulu pano. Ndikufuna kumupangitsira pasipoti mwana wanga wamkazi wa zaka 9. Bambo ake ali ku Joni, timalankhulana bwinobwino ndipo sakukana. Setifiketi ya kubadwa ya ku NRB ilipo, mayina athu tonse awiri alembedwapo. Ndamva kuti pakufunika kalata ya chilolezo yochokera kwa bambowo. Ailembe bwanji, ndipo akangoijambula pa foni n'kunditumizira pa Watsapu zikwana?

Mnyamata wa pa Mpondabwino: Mayi, musavutike. Pitani pa malo otayipira makalata m'taunimu, akulembereni m'dzina la bambowo, wachibale wawo asaine, kenako mukadinditse kwa komishonala wa malumbiro. Poti eni ake avomera kale, vuto palibe.

Kalaliki wa maloya: Achimwene, pa chidindo cha komishonala mwalondola, koma zinazo zingawaike mayiwa m'mavuto. Chidindo chija sichinena kuti mawu a m'kalatamo ndi abwino. Chimanena chinthu chimodzi: munthu amene dzina lake lili apa anaima pamaso panga, ndinaona chiphaso chake, ndipo anasaina ndikuona. Ndiye bambo ali ku Joni, chidindo n'cha ku Zomba, tsiku n'lomwelo. Ofisala wa imigireshoni akangofunsa kuti bambo ali kuti, mayi n'kuyankha zoona, kalatayo yadzitsutsa yokha. Ndipo kusaina m'dzina la munthu wina ndi mlandu wopeka chikalata, kupereka chikalata chotero ku ofesi ndi mlandu winanso, ngakhale mwini dzinayo atavomera pa foni. Komishonala wosamala za ntchito yake sangadindenso.

Kalatayo isainidwe komwe bambo ali, pamaso pa munthu waudindo wa komweko. Zina zonse zimene tikambirane zikuchokera pamenepa.

Mayi wa ku Chinamwali: Zikomo bambo. Nanga m'kalatamo mukhale chiyani?

Kalaliki wa maloya: Ikhale ya tsamba limodzi, yotayipa, m'Chingerezi, chifukwa wodinda wa kunjayo ayenera kuwerenga chimene akuchitira umboni. Ilembedwe kwa mkulu wa nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko.

Bambo ayambe ndi iwo eni: dzina lonse monga lilili pa pasipoti yawo, nambala ya pasipoti, nambala ya chiphaso cha unzika, kumene akukhala ku Joniko ndi nambala ya foni imene amayankha. Kenako mwana: dzina lonse, tsiku lobadwa, malo obadwira ndi nambala ya setifiketi. Izi asalembe za pamutu. Muwatumizire chithunzi cha setifiketi akopere chilembo ndi chilembo. Mwana amene kunyumba mumamuitana dzina la agogo ake koma pa setifiketi pali la ubatizo, m'kalata mulowe la pa setifiketi basi. Pambuyo pake inuyo mayi: dzina monga lilili pa chiphaso chanu cha unzika, ndi nambala yake.

Ndiye pabwere mawu enieniwo, osazungulira: ine ndine bambo womubereka mwana uyu, ndikuvomera kuti apatsidwe pasipoti ya dziko la Malawi, ndipo ndikupereka mphamvu kwa mayi ake kuti asaine mafomu ndi kulandira pasipotiyo m'malo mwanga. Chiganizo chomalizachi anthu ambiri amachiiwala. Amalemba kuti ndikuvomera, koma osatchula amene akaime ku ofesi.

Pansi asiye malo a siginecha, tsiku ndi mzinda, ndipo asasaine ali kunyumba. Akasainire pamaso pa wodindayo. Siginecha ifanane ndi ya pa pasipoti yawo, chifukwa ndi pomwe ofisala akayerekezere. N'chifukwa chake kalata siyenda yokha: imatsagana ndi fotokope ya tsamba la pasipoti lokhala ndi chithunzi, yodindidwa ndi munthu yemweyo, tsiku lomwelo.

Achimwene a ku Joni: Ndionjezereko za kuno. Malo odinditsira kalatayo ndi atatu. Oyamba ndi ofesi za dziko lathu: kazembe ali ku Pretoria, ndipo ku Johannesburg kuli ofesi ina yothandiza Amalawi. Achiwiri ndi polisi. Kuno apolisi ndi makomishonala a malumbiro, amadinda afidaviti, kutanthauza kalata yolumbirira, ndi mafotokope pa kauntala osalipiritsa. Achitatu ndi loya, makamaka amene ali notale, kutanthauza loya wokhala ndi mphamvu yapadera yotsimikizira zikalata, koma ameneyo amalipiritsa. Ambiri amathamangira ku polisi poti ndi pafupi komanso ndi ulere.

Aphunzitsi a ku Domasi: Chidindo cha polisi ya dziko lina chingagwire ntchito kuno? Ine ndimadziwa kuti chikalata chilichonse chochokera kunja chimafuna apositili, apo ayi n'chopanda ntchito.

Kalaliki wa maloya: Aphunzitsi, apositili ilipodi, ndipo Malawi ndi South Africa onse ali m'pangano la ku Hague la 1961 limene linaikhazikitsa. Ntchito yake ndi kutsimikizira dziko lina kuti siginecha ndi chidindo cha wodindayo n'zenizeni. Koma kunena kuti chikalata chilichonse chopanda apositili n'chopanda ntchito ndi kuonjeza. Taganizirani za ofisala amene walandira kalatayo pa tebulo lake. Funso lake ndi lakuti, chidindo ichi ndingachikhulupirire? Chikakhala cha ofesi ya kazembe wathu, ndi chidindo cha boma lomwe iye akuligwirira ntchito, ndipo apositili siifunika. Chikakhala cha notale, n'kuonjezerapo apositili, njira yotsimikizira ilipo. Ku South Africa chikalata cha notale chimakalandira apositili kwa mlembi wa khothi lalikulu. Chikakhala cha polisi ya kudera limene ofisala sanalimvepo, alibe pofunsa, ndiye zimatsalira pa kuona kwake. Maganizo anga ndi akuti munthu amene ali ku Johannesburg kapena ku Pretoria apite kwa kazembe, ataye tsiku limodzi la ntchito, nkhani ithe.

Achimwene a ku Joni: Zoona bambo, koma si onse ali ku Gauteng, chigawo chimene kuli Johannesburg ndi Pretoria. Amalawi ambiri ali ku Cape Town ndi ku Durban. Kuchoka ku Cape Town kufika ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,400. Munthu wogwira ntchito ya m'munda wa maluwa kapena ya m'nyumba sangayende ulendo umenewo chifukwa cha siginecha imodzi. Makalata a ku polisi anthu amatumiza ndipo ana amalandira mapasipoti. Chofunika ndi kuonetsetsa kuti wapolisiyo sanangomenya chidindo cha tsiku chokha. Lamulo la kuno limafuna kuti komishonala asaine, alembe dzina lake lonse momveka, udindo wake ndi adiresi ya malo ake a ntchito. Kalata imene ili ndi chidindo chofufutika ndi kasiginecha kosawerengeka ndi imene imabwezedwa.

Kalaliki wa maloya: Pa a ku Cape Town sindikutsutsani. Koma ine ndikanati apite kwa notale kusiyana ndi ku polisi, ngati m'thumba mukulola. Apa tisiyana pang'ono.

Mayi wa ku Chinamwali: Iwo ali ku Johannesburg komweko. Koma pali vuto limene ndinachita manyazi kulitchula poyamba. Masiku awo okhalira m'dzikomo anatha kalekale, ndipo pasipoti yawonso inatha chaka chatha. Akuopa kupita ku polisi, akuopanso kwa kazembe.

Achimwene a ku Joni: Achemwali, palibe chamanyazi, ambiri ali momwemo. Ku polisi asapite, pamenepo mantha awo ndi oona: akapereka pasipoti kuti aidinde fotokope, wapolisi angathe kutsegula masamba a zidindo n'kuona kuti masiku anapitirira. Kwa kazembe ndi nkhani ina. Imeneyo ndi ofesi ya boma la Malawi, ogwira ntchito ake si a imigireshoni ya South Africa, ndipo ntchito yawo ndi kuthandiza nzika. Chimene akufuna kudziwa ndi chakuti munthuyo ndi Mmalawi ndipo ndi mwini dzinalo. Atenge pasipoti yakuthayo, atengenso chiphaso cha unzika ngati ali nacho. Ayimbe kaye foni kufunsa maola amene amalandira anthu ndi ndalama yodindira, kuti asayende kawiri.

Kalaliki wa maloya: Pasipoti yakutha siyendera ulendo, koma chithunzi, dzina ndi siginecha zimene zili m'menemo zikadali zawo. M'kalata alembe nambala yake mmene ilili, aonjezere nambala ya chiphaso cha unzika, ndipo adinditse mafotokope a zonse ziwiri, chiphasocho mbali zonse. Kukhala kwawo ku Joni mopyola masiku sikuchotsa ubambo wawo pa mwana, ndipo sikumuchotsera mwana unzika wake.

Malume a ku Jali: Ine ndifunse. Kuno kwathu ana ndi a kuchikazi. Mwini mbumba ndi malume. Bambo akapita kunja, amene amayang'anira ana ndi ife. Bwanji malume a mwanayo asasaine, mfumu ya m'mudzi n'kuikapo chidindo? Zonsezi za Pretoria n'zachiyani?

Mlangizi wa za ana: A malume, udindo wanu pa mbumba palibe akuutsutsa, ndipo pa maliro, pa chinkhoswe kapena pa nkhani ya munda mawu anu ndi amene amamveka. Koma ofesi ya pasipoti imayang'ana pa setifiketi ya kubadwa, ndipo pamenepo pali mizere iwiri: mayi ndi bambo. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaika udindo wa mwana pa makolo onse awiri, ali pabanja kapena ayi, ndipo silisiyanitsa a chikamwini ndi a chitengwa. Malume amasaina ngati khothi lawapatsa ulezi wa mwanayo, osati chifukwa cha mwambo wokha. Kalata ya mfumu imathandiza pochitira umboni kuti mwana ndi wa m'mudzimo, koma singavomere m'malo mwa bambo amene ali moyo ndipo akupezeka pa foni.

Kukhwimitsa kumeneku kuli ndi chifukwa. Pasipoti ndi imene imatulutsa mwana m'dziko. Makolo akasiyana moipa, mmodzi angathe kuthawitsa mwana mnzake osadziwa, ndipo mwana akadutsa pa Mwanza kumubweza ndi ntchito yaikulu. Palinso ozembetsa ana amene amanamizira kuti ndi azakhali kapena amalume. Dziko lino lili ndi lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015, ndipo ofisala amene wapereka pasipoti mosasamala amayankha yekha.

Malume a ku Jali: Ndamva, ngakhale mtima sunakhutire. Bambo wina amatha zaka osatumiza ngakhale sopo, koma siginecha yake n'kuposa ya amene akulera mwana.

Mlangizi wa za ana: Pamenepo ndi pamene khothi limalowerera, ndibwerapo.

Mayi wa ku Chinamwali: Ndatenga setifiketi ndi chithunzi cha pasipoti yawo kuti ndiyerekeze monga munanenera, ndipo ndapeza zosiyana. Pa pasipoti dzina lawo lomaliza ndi la bambo awo. Pa setifiketi ya mwana analemba la mfunda. Dzina loyambanso pena lili ndi L, pena lili ndi R.

Kalaliki wa maloya: Mwachita bwino kuona izi kalata isanalembedwe, chifukwa apa ndi pamene mafomu ambiri amaimira. Ofisala sakuwadziwa amuna anu. Akuona mapepala awiri: setifiketi ikuti bambo ndi uje, kalata yasainidwa ndi munthu wa dzina lina. Kwa iye chilolezo chachokera kwa mlendo.

Tengani chikalata chachitatu, chiphaso chawo cha unzika, muone kuti chikugwirizana ndi chiti. Ngati chiphaso chili ndi dzina la mfunda monga setifiketi, ntchito yachepa: m'kalata ayambe ndi dzina la pa chiphaso, ndipo chiphasocho ndiye chikhale umboni waukulu. Ngati chiphaso ndi pasipoti zikugwirizana ndipo yosiyana ndi setifiketi yokha, ndiye cholakwika chili pa setifiketi, ndipo malo okonzera ndi ofesi ya NRB ya kwa DC kuno ku Zomba. Mupite ndi setifiketiyo, chiphaso chanu ndi fotokope yodinda ya chiphaso cha bambo.

Mulimonsemo, kalatayo isakhalenso kalata wamba. Ikhale afidaviti, bambo alumbire, ndipo muikemo ndime yakuti dzina ili la pa pasipoti nambala yakuti ndi dzina ili la pa setifiketi nambala yakuti ndi a munthu mmodzi, amene ndi ine. Mayina onse awiri alembedwe ndendende mmene alili, L pa L, R pa R. Musakonze kalembedwe m'kalata poganiza kuti mukuthandiza. Poti ulendo wa kwa kazembe ndi umodzi, zonse zilowe m'pepala limodzilo.

Aphunzitsi a ku Domasi: Ngati afidaviti ikukwana, kukonzetsa setifiketi n'kwachiyani? Ku NRB zinthu zimatenga nthawi.

Kalaliki wa maloya: Kusiyana kwa L ndi R kokha afidaviti imakukwanira, chifukwa aliyense m'dziko muno amadziwa mmene zilembo ziwirizi zimasinthanirana. Koma dzina lonse lomaliza likasiyana, ine ndimalangiza kukonzetsa. Setifiketi imeneyi mwana adzaifunanso potenga chiphaso cha unzika akakwana zaka 16, pokonzetsanso pasipoti, ndiponso popempha viza ya dziko lililonse. Afidaviti ya lero idzakhala itakalamba, ndipo bambo mwina sadzapezeka msanga. Ngati ulendo uli pafupi, perekani ndi afidaviti, koma kukonzetsako kuyambike.

Mayi wa ku Matawale: Pepani kulowerera. Zanga n'zosiyana pang'ono. Mwana wanga pasipoti ali nayo kale, ndikufuna kupita naye kwa bambo ake pa holide ya Disembala pa basi. Kalata yomwe tinagwiritsa ntchito popangitsa pasipoti ndingaionetse pa chipata?

Achimwene a ku Joni: Mayi, imeneyo ndi kalata ina. Ya pasipoti imati mwana apatsidwe pasipoti, ndipo yeniyeniyo imatsala m'faelo ku ofesi. Ya ulendo imati mwana uyu ayende ndi uje, kuchoka tsiku lakuti kubwerera tsiku lakuti, akafikira pa adiresi yakuti. South Africa inakhwimitsa malamulo a ana mu 2015, n'kuwafewetsa mu 2019 kwa ana a mayiko ena amene akuyenda ndi makolo awo. Koma basi imadutsa zipata zambiri: Mwanza ndi Zobue, kenako Nyamapanda, kenako Beitbridge, ndipo pa chilichonse ofisala angathe kufunsa kuti bambo a mwanayu akudziwa. Nyamulani setifiketi ya kubadwa, kalata ya ulendo yodinda ndi fotokope ya pasipoti ya bambo. Kalata ya ulendo isapitirire miyezi 6 chilembereni, ndiwo malire amene a kuno amaika pa makalata a makolo.

Mayi a ku Chinamwali, ngati mukudziwa kale kuti mwana adzayenda posachedwa, bambo asainiretu makalata onse awiri tsiku limodzi, koma pa mapepala osiyana.

Mayi wa ku Chinamwali: Nanga za Watsapu zija?

Kalaliki wa maloya: Chithunzi cha pa foni chikuthandizeni poona zolakwika, osati popereka ku ofesi. Bambo asanapite kukadinditsa, akutumizireni kalata yosasaina, muiwerenge muli ndi setifiketi m'manja, nambala iliyonse payokha. Akadinditsa, atumize yeniyeni ya inki. Pa chosindikiza kuchokera pa foni ofisala sangaone ngati chidindo chinamenyedwa papepalapo kapena chinamatidwa pa kompyuta.

Mnyamata wa pa Mpondabwino: Koma alipo amene amapereka zosindikiza za pa imelo n'kulandiridwa.

Kalaliki wa maloya: Alipo, makamaka pamene zina zonse zili bwino ndipo chidindo n'cha kazembe. Koma mayiwa ali kale ndi nkhani ya mayina ndi pasipoti yakutha, asaonjezerepo chifukwa chachitatu chokaikira. Kumbukiraninso kuti mwana amafunika kuonekera yekha kuti akajambulidwe. Ndiye kubwezedwa ndi thiransipoti ya anthu awiri kupita ku Blantyre kapena ku Mangochi ndi kubwerera, komanso mwana kujomba kusukulu.

Achimwene a ku Joni: Potumiza, asainitse makope awiri enieni, imodzi isungidwe kuno kuopa ina ingasowe panjira. Aike mu envulopu yolimba ndi pulasitiki, asapinde pa chidindo. Makampani onyamula makalata ndi odula koma amapereka nambala yolondolera. Otumiza pa basi alembe nambala ya foni ya wolandira kunja kwa envulopu, atenge nambala ya kondakitala, ndipo wolandira akadikire ku Blantyre tsiku lofika basi, chifukwa envulopu ikagona m'maofesi a mabasi imasochera pakati pa katundu. Ndipo chonde musaimate pulasitiki ya moto ija. Kalata yomatidwa sioneka ngati ndi inki yeniyeni, ndipo ofisala sangalembepo kapena kudindapo.

Mlangizi wa za ana: Ndibwerere kwa a malume, poti funso lawo ndi la anthu ambiri. Pali bambo amene anapita ku Joni n'kusintha nambala, abale ake nawonso sakudziwa kumene ali. Palinso amene akupezeka koma akukana dala, mwina pofuna kumukhaulitsa mayi. Pamenepa musapeke kalata. Yambirani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya kwa DC, mufotokoze, mutenge umboni wa kuyesetsa kwanu: mauthenga amene sanayankhidwe, mawu a ankhoswe, kalata ya mfumu yonena kuti mwana akuleredwa ndi ndani. Kuchoka apo nkhani imapita ku khothi la ana, limene kuno ku Zomba lilipo, kukapempha chigamulo chakuti mwana ali m'manja mwanu ndipo mungathe kumutengera pasipoti popanda siginecha ya winayo. Pemphani kuti mawu okhudza pasipoti ndi ulendo alembedwe m'chigamulomo mwachindunji, chifukwa chigamulo chongonena za chithandizo cha mwezi ndi mwezi sichiyankha funso la ofisala. Amene alibe ndalama ya loya apite ku ofesi ya boma yothandiza anthu pa milandu, nayonso ili mumzinda momwe muno. Khothi limayang'ana ubwino wa mwana, ndiye konzekerani kufotokoza kumene akupita, chifukwa chake, ndi tsiku lobwerera.

Bambo akakhala kuti anamwalirira kunja, chofunika ndi setifiketi ya imfa, osati kalata.

Aphunzitsi a ku Domasi: Nanga pa setifiketi pakakhala kuti dzina la bambo silinalembedwe n'komwe?

Mlangizi wa za ana: Pamenepo mapepala akusonyeza kholo limodzi, ndipo mayi amasaina okha. Ndi bwino kutengabe afidaviti yofotokoza kuti akulera okha, makamaka ngati mwana akudziwika ndi dzina la bambo amene pa setifiketi palibe, chifukwa ofisala adzafunsa kumene dzinalo lachokera.

Kalaliki wa maloya: Apo ndingaonjeze kuti ngati bamboyo anakasumapo kale kukhothi za mwanayo, mzere wopanda dzinawo sukuthetsa nkhani. Chigamulo chimene chilipo ndiye chitsatidwe.

Mayi wa ku Chinamwali: Anditumizira chithunzi cha chiphaso chawo cha unzika tsopano lino. Chili ndi dzina la mfunda monga pa setifiketi, koma dzina loyamba lili ndi R monga pa pasipoti.

Kalaliki wa maloya: Ndiye ku NRB simukufunika kuthamangirako lero. Ayambe kalata ndi dzina la pa chiphaso. M'ndime ya mayina mulowe atatu onse, lililonse ndi nambala ya chikalata chake: la pa chiphaso, la pa pasipoti, la pa setifiketi ya mwana. Mafotokope odinda akhale a chiphaso mbali zonse ziwiri ndi a tsamba la pasipoti. Tsiku la pa kalata lisatalikirane ndi tsiku lokapereka mafomu, ndiye asapite kwa kazembe inu musanakonze ndalama ya pasipoti ndi chiphaso chanu. Ikatayipidwa, bisani manambala ndi chala kapena kapepala, muijambule muiike pano tione ngati ndime ya mayina yamveka asanasaine.